Mutu wa imelo ndiwo umafikitsa dandaulo pa desiki yake

Munthu amene amayamba kuona imelo yanu ya dandaulo kubanki, kukampani ya foni kapena ya inshuwalansi kawirikawiri si amene angakubwezereni ndalama. Iyeyo ntchito yake ndi yogawa. Lolemba m'mawa amatsegula bokosi limene makasitomala onse amaponyamo nkhani zawo, n'kupeza mndandanda wa mauthenga amene akhala akuunjikana kuyambira Lachisanu madzulo. Pa uthenga uliwonse amaonapo zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu, ndi timawu tochepa toyambirira ta m'kalatamo. Ndi zomwezo ayenera kugamula kuti iyi ipite kwa a makadi, iyi kwa a ngongole, iyi kunthambi ya ku Mzuzu, iyi njotsatsa malonda ingotayidwa.

Imelo yosamveka saitaya ayi. Amangoidumpha kuti aionenso akapeza mpata, ndipo mpata wa Lolemba tonse timaudziwa. Kapena amaikankhira kudesiki imene akuiganizira, a kumeneko n'kuibweza pakatha masiku awiri kuti si yathu. Inu kunyumba mukuti akukunyozerani, pomwe kalata yanu ikungoyendayenda m'makonde.

Makampani akuluakulu ambiri sadikiranso kuti munthu ayambe wawerenga. Ali ndi mapulogalamu olandirira madandaulo, monga Zendesk kapena Freshdesk, amene imelo yatsopano ikangofika amaitsegulira tiketi n'kuipatsa nambala. Mapulogalamuwa amatha kuikidwa malamulo akuti mutu ukakhala ndi mawu akutiakuti, tiketiyo ipite ku gulu lakutilakuti. Ngakhale ofesi yaing'ono imene ili ndi Outlook yokha imatha kuchita zomwezo. Lamulo lotere limangofunafuna mawu amene linauzidwa, monga `ATM`, `loan` kapena `reversal`. Likawasowa, imeloyo imatsala pa mulu waukulu, podikira munthu uja.

Tiyerekeze nkhani imene yagwerapo anthu ambiri. Mphunzitsi wina wa ku Dedza, tingomutchula kuti mayi mphunzitsi, walandira malipiro ndipo pa 14 Malichi madzulo wapita kukatapa K80,000. Pa makina a banki yake pali mzere wautali, ndiye walowetsa khadi m'makina a banki ina yoyandikana nayo. Makina alira ngati akuwerenga ndalama, kenako zii, khadi yatuluka yokha. Asanachoke n'komwe, foni yalira: uthenga woti K80,000 yachoka mu akaunti. Nthawi zina ndalama zotere zimabwerera zokha pakapita maola angapo. Izi sizinabwerere, ndipo Lolemba ali m'kalasi, sangakaime pa mzere kubanki. Alembe imelo.

Asanalembe chilichonse pali funso loti alembere ndani. Mtima ungamuuze kuti akalimbane ndi eni makina amene amudyera ndalama. Koma iye ndi kasitomala wa banki imene inamupatsa khadi, ndipo dandaulo lotere limayambira kumeneko. Chichitikireni cholumikiza makina a mabanki a m'dziko muno kudzera ku National Switch mu 2015, khadi ya banki ina imagwira ntchito pa makina a banki inzake, ndipo pakavuta mabanki awiriwo amafunsana okhaokha. Banki ya mayiyu ifunsa eni makinawo, iwo aone kaundula amene makina amalemba pa chilichonse chochitika, afananitsenso ndi ndalama zimene zatsala m'makinamo. Akapeza kuti zapyolera ndi K80,000, nkhani yatha. N'chifukwa chake a desiki ya makadi amafuna kudziwa msanga ngati makinawo anali awo kapena a eni ake. Njira zake ndi ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo ndi yaitali.

Tsopano mutu. Ambiri mwa ife, mtima uli m'mwamba, tingalembe chimodzi mwa izi: `DANDAULO`, `Thandizeni chonde`, `URGENT!!!`, kapena kusiya malowo opanda kanthu. Taganizirani mmene zikuonekera kwa wogawa uja. M'bokosi la madandaulo, uthenga uliwonse ndi dandaulo ndipo aliyense akuti lake n'lachangu. Mutu wotere uli ngati minibasi imene yaima pa depoti ndi chikwangwani chongoti "ulendo". Pamenepo palinso vuto lina: zida zosefera mauthenga achinyengo zimakayikira mutu wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha, komanso uthenga wopanda mutu. SpamAssassin, chosefera chimene chili pa makompyuta ambiri olandira imelo, chili ndi malamulo a zinthu ziwiri zimenezi. Pazokha sizingagwetsere kalata yanu m'dzala, koma zimaonjezera pa zifukwa zina, makamaka ngati adiresi yanu ndi yachilendo kwa iwo ndipo mwaphatikizapo zithunzi.

Mayi mphunzitsi alembe chonchi:

```
ATM sinatulutse K80,000 koma akaunti yadulidwa, 14 Malichi, ref 004517
```

Muone chimene chili patsogolo. Mawu oyamba enieniwo ndi amene akutchula desiki. Pa foni mutu umadulidwa ukafika zilembo za m'ma 30 kapena 40, pa kompyuta umapitirirako pang'ono malinga ndi kukula kwa sikirini. Mutu uwu uli ndi zilembo 70, koma ngakhale utadulidwa pa chilembo cha 30, wogawa waona kale kuti ndi nkhani ya makina otapira ndalama, kuti sanatulutse, komanso kuti ndi zingati. Tsiku ndi nambala zili kumapeto chifukwa wogawa sazifuna kwenikweni. Amene azifune ndi wa kudesiki ya makadi, pofufuza m'makompyuta awo, ndiponso mayiyo mwini pofunafuna imeloyo mwezi wamawa. Akanayamba ndi mawu akuti "Dandaulo lokhudza vuto limene ndinakumana nalo pa…", malo onse ooneka akanathera pa mawu osanena kanthu.

Nambala ijayo ndi imene imakhala pa risiti ya makina kapena mu uthenga wa pafoni. Ngati palibe, palibe. Tsiku, nthawi ndi malo zimakwanira kuti aipeze. Chosayenera kulowa pa mutu ndi nambala yonse ya khadi. Mutu umaoneka kwa aliyense wodutsa pafupi ndi sikirini, umatulukanso pa foni ngakhale ili yokiya. Manambala anayi omaliza a khadi ndi okwanira, ndipo amenewo aikidwe m'kati mwa kalata. PIN ndiye isalembedwe pena paliponse. Wa kubanki weniweni sangakufunseni.

Nanga chilankhulo? Anthu a pa desiki za kuno amamva Chichewa bwinobwino, ndipo palibe chifukwa choti munthu alephere kudandaula poopa Chingerezi. Kungoti mayina a madipatimenti ndi a ntchito za banki amakhala m'Chingerezi, choncho malamulo a m'mapulogalamu aja nawonso amakonda kukhala m'Chingerezi. Njira yapafupi ndiyo kutenga mawu amodzi kapena awiri amene kampaniyo imagwiritsa ntchito yokha, monga mmene analembera pa risiti, pa sitetimenti kapena pa menyu ya pafoni, n'kuwaika patsogolo, zina zonse n'kulemba m'chilankhulo chimene mumamasuka nacho. Wofuna Chingerezi chokhachokha angalembe `ATM dispute: K80,000 debited, no cash, 14 March, ref 004517`, ndipo kayalidwe kake ndi komweko. Mwezi muziulemba ndi dzina lake. Kwa ife 03/04 ndi 3 Epulo, koma kampani ya ku Amerika iwerenga kuti 4 Malichi, ndipo abale amene amagula katundu kunja kapena kutumiza ndalama kumudzi amakumana nazo zimenezi.

Pali chizolowezi china chimene tinachitenga m'makalata a pa pepala. Kusukulu tinaphunzira kuti kalata ya ntchito imakhala ndi mutu, ndipo m'maofesi ambiri mutuwo amauyamba ndi `RE:`. Pa pepala palibe vuto. Pa imelo, `Re:` amaikidwa ndi pulogalamu yokha munthu akamayankha uthenga. Mukamulemba ndi dzanja pa imelo yatsopano, wogawa angaganize kuti ndi nkhani yakale imene ili kale m'manja mwa mnzake, n'kuipitirira. Chimodzimodzinso `Fwd:` wotsalira pa uthenga umene mwangoupatsira. Ena amatenga uthenga wa banki wodziwitsa za kudulidwa kwa ndalama, n'kungodina poyankha. Mutu umakhala wa uthenga wakalewo, ndipo adiresi yake nthawi zambiri imayamba ndi `noreply`, kutanthauza bokosi limene palibe amaliwerenga.

Mutu ukagwira ntchito yake, imelo itsegulidwa. Apa ndiye pamene ulemu wathu umatipinga.

Tinaleredwa kuti munthu suyamba ndi nkhani. Umayamba walonjera, kufunsa za moyo, kudzichepetsa, kenako n'kufika pa chimene wadzera. M'kalata timalemba kuti choyamba ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mwayi uwu, ndikhulupirira muli bwino, ine ndakhala kasitomala wanu wokhulupirika kwa zaka zambiri. Sindikunyoza mwambo umenewu, ndipo pamaso m'pamaso umatsegula zitseko. Koma kumbukirani timawu tija tooneka pambali pa mutu imelo isanatsegulidwe. Timachokera pa mzere woyamba wa kalata. Mukadzazapo malonje, mwataya malo achiwiri amene munali nawo oti mudziwike. Amene akupikisana nanu pa mndandandawo ndi anthu enanso mazana amene nawonso akukhulupirira kuti a banki ali bwino.

Moni wa mawu awiri ndi wokwanira, kenako nkhani. Mayi mphunzitsi angayambe motere:

"Okondedwa a desiki ya makadi, pa 14 Malichi nthawi ya 17:42 ndinayesa kutapa K80,000 ndi khadi yanu yothera ndi 6031 pa makina a banki ina ku Dedza boma, makinawo sanatulutse ndalama koma akaunti yanga inadulidwa, ndipo mpaka lero sizinabwerere. Ndikupempha kuti mubweze K80,000 mu akauntiyi ndiponso mundipatse nambala ya dandaulo langa."

Ziganizo ziwiri, ndipo munthu wa pa desiki angathe kuyamba ntchito osawerenga china. M'kalata yeniyeni mayiyu atchule dzina la banki inayo ndi pamene makinawo ali, chifukwa tauni imodzi imatha kukhala ndi makina angapo a banki yomweyo. Nthawi aitenge pa uthenga wa pafoni uja, asaitenge m'mutu. Kaundula wa makina amalemba ola ndi mphindi, ndipo tsiku la malipiro anthu otapa K80,000 pa makina amodzi sakhala mmodzi. Amene walemba kuti "Lachisanu chakumadzulo" wapatsa mnzake ntchito yosanthula mizere yambirimbiri, kapena ya kumubwezera imelo yofunsa nthawi, imene idyenso masiku ena.

Chiganizo chachiwiricho anthu ambiri amachiiwala. Amafotokoza mavuto onse, mmene anachitira manyazi kwa eni nyumba, mmene ana anagonera ndi njala, n'kutseka ndi mawu akuti chonde chitanipo kanthu. Kanthu kake kati? Pa nkhani ya makina mwina n'zodziwikiratu, koma pa nkhani zina sizikhala choncho. Amene wagula firiji yosazizira angafune kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama, ndipo zitatuzi zimavomerezedwa ndi anthu atatu osiyana. Pempho lanu nalonso limasankha desiki. Mavuto amene munakumana nawo mukhoza kuwanena ndithu, koma m'ndime yachiwiri, mwachidule. Dzina lanu lonse monga lilili ku akaunti, nambala ya foni ndi nthambi yanu zibwere kumapeto, pamodzi ndi chithunzi cha uthenga wa pafoni ndi risiti ngati ilipo. Ndipo nkhani yonse ikhale m'mawu olemba. Imelo yongoti "onani chithunzi" ilibe mawu oti pulogalamu igwire, ilibenso choti wogawa awerenge.

Za ukali ndinene maganizo anga. Munthu amene wadyeredwa malipiro ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo sindikuti azinyengerera. Koma mawu ena amasintha njira ya kalata. Mukalemba pa mutu kuti `fraud` kapena kuti akuberani, imeloyo ikhoza kupita kwa ofufuza zachinyengo, amene mwina ayamba n'kutseka khadi kuti akutetezeni. Ngati munthu wina watapadi ndalama zanu inu osadziwa, mawu amenewo ndi oyenera, ndipo musadalire imelo yokha: imbani foni nthawi yomweyo kuti khadi itsekedwe. Koma makina olephera kutulutsa ndalama si akuba. Mayi mphunzitsi akalemba zoti aberedwa, angapezeke alibe K80,000 alibenso khadi. N'chimodzimodzi kuopseza ndi maloya m'chiganizo choyamba. M'makampani ena kalata yotchula khoti imachoka m'manja mwa amene akanaikonza tsiku lomwelo n'kupita kwa a zamalamulo, amene sathamanga poyankha.

Imelo imodzi inyamule nkhani imodzi. Mayiyu mwina alinso ndi dandaulo la chiwongola dzanja cha ngongole, komanso lina la pulogalamu ya pafoni imene imakana kutseguka. Akaziphatikiza, tiketi ikhala imodzi ndipo ipita kwa munthu mmodzi, amene ayankhe gawo lake n'kuitseka. Zinazo zafera pomwepo. Alembe maimelo atatu, iliyonse ndi mutu wake.

Ena amaganiza kuti kutumizira anthu khumi nthawi imodzi, kuyambira mkulu wa banki mpaka manijala wa nthambi, kumafulumizitsa zinthu. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuyankha. Pa mzere wa `To` ikanipo adiresi imodzi, ya madandaulo, imene kampaniyo inasindikiza pa sitetimenti kapena pa chikwangwani cha m'nthambi. Ngati mukufuna kuti manijala wa nthambi adziwe, muikeni pa `Cc`, pamene pamatanthauza kuti angoona.

Mungadziwe bwanji kuti imelo yafika poyenera? Chizindikiro choyamba ndi kauthenga kobwera kokha patangopita mphindi zochepa, kokhala ndi nambala ya tiketi. Kameneka kakungosonyeza kuti yalandiridwa, osati kuti munthu waiwerenga. Chizindikiro chenicheni ndi yankho loyamba la munthu. Akakufunsani za makina, za nthawi kapena kukutumizirani fomu yodandaulira za khadi, dziwani kuti ili pa desiki yake. Akakuyankhani kuti pitani kunthambi yoyandikira popanda kutchula chilichonse cha nkhani yanu, kapena kukufunsani zimene munalemba kale, mwachidziwikire idakali pa mulu waukulu. Ukabwera uthenga wa m'Chingerezi wochokera kwa `Mail Delivery Subsystem` kapena `postmaster`, imeloyo sinafike n'komwe. Onaninso adiresi, kapena chepetsani zithunzi, poti Gmail salola zophatikiza zopitirira 25 MB ndipo makampani ena amaika malire ocheperapo.

Pakapita masiku mayi mphunzitsi osamva kanthu, asayambe imelo yatsopano. Apa ambiri amadzipweteka okha. Imelo yatsopano imatsegula tiketi yatsopano, imene imakaima kumapeto kwa mzere, ndipo wina akazindikira kuti ndi nkhani imodzi amatseka imodzi mwa ziwirizo. Atsegule kauthenga ka nambala kaja, adine poyankha, mutu ausiye mmene ulili. Mapulogalamu amalumikiza mauthenga pogwiritsa ntchito nambala ya pa mutuyo kapena zizindikiro zobisika zimene imelo yoyankha imanyamula, ndiye kusintha mutu kapena kuyamba pena kungadule chingwecho. Chiganizo chake choyamba chikhalenso chodziimira pachokha, chifukwa amene atsegule ulendo uno mwina si yemwe uja: "Ndikutsatira dandaulo nambala yakutiyakuti la pa 17 Malichi, la K80,000 imene ATM sinatulutse, ndalamazo sizinabwerebe, ndipo ndikupempha mundiuze tsiku limene zibwezedwe."

Zikakanika kubanki, pali pokwera. Madandaulo okhudza mabanki, inshuwalansi, penshoni ndi ndalama za pafoni amapita ku Reserve Bank of Malawi. A mafoni ndi intaneti amapita ku MACRA, a magetsi ndi mafuta a galimoto ku MERA, a malonda osatsata chilungamo ku CFTC, ndipo ofesi ya Ombudsman imaona za kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma. Kumenekonso kuli munthu wogawa, ndipo iye amalandira nkhani za makampani ambiri. Choncho mutu usinthe pang'ono: dzina la banki likhale patsogolo, kenako mtundu wa vuto, ndalama, ndi nambala imene banki inakupatsani. Chiganizo choyamba chinene tsiku limene munadandaula kubankiko ndi chimene anayankha, kapena kuti sanayankhe.

Mabungwe amenewa amafuna kuona kuti munayamba mwapatsa kampaniyo mpata wokonza. Adzakufunsani kuti munadandaula liti ndipo anakupatsani nambala yanji. Kauthenga kodzitumiza kokha kaja, kamene ambiri timakafufuta osakawerenga, muzikasunga.